Kuphunzira sitatisitiki poyamba ndi kumvetsa: mafunso ndi mayankho kwa ophunzira amene sanatenge masamu

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ophunzira zaunamwino, zaulimi, zauphunzitsi, zautolankhani ndi maphunziro ena, amene apezeka kuti ayenera kukhoza kosi ya sitatisitiki ngakhale kuti masamu anasiyana nawo kalekale. Mayankho ena akudalira zitsanzo za m'mayankho oyambirira, choncho ndi bwino kuwawerenga motsatana, muli ndi pepala ndi pensulo pafupi.

Kodi ndingaphunzire sitatisitiki ngati masamu ankandivuta kusekondale?

Mungathe, chifukwa masamu amene kosi yoyamba imafuna ndi ochepa. Muyenera kudziwa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, kumvetsa maperesenti, ndiponso kudziwa kuti kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe kumapereka sikweya, monga 3 × 3 = 9, ndipo kubwerera kuchoka pa 9 kufika pa 3 ndiko kupeza sikweya ruti. Chinanso chofunika ndi kuzolowera manambala a pansi pa ziro, monga −3.

Chimene chimavuta anthu ambiri si kuwerengera, koma kusadziwa funso limene kuwerengerako kukuyankha. Kosi yonse yoyamba imazungulira pa mafunso atatu. Loyamba ndi lakuti pakati pa manambala amene tasonkhanitsa ndi pati. Lachiwiri ndi lakuti manambalawo amwazikana motani. Lachitatu ndi lakuti, popeza tangoyeza anthu kapena zinthu zochepa, tingakhulupirire mpaka pati kuti zimene tapeza zikunena zoona za gulu lonse. Fomula iliyonse imene mudzakumane nayo ndi njira yoyankhira limodzi mwa mafunso amenewa.

Kodi kumvetsa kaye musanaloweze kumatanthauza kuchita chiyani kwenikweni?

Kumatanthauza kuchita zinthu zinayi musanatsegule tsamba la mafomula. Mutenge manambala asanu okha, osavuta kuwerengera pamanja, muwaike ngati timadontho pa mzere wojambula pa pepala. Muyerekeze yankho ndi maso, mulilembe. Kenako muwerengere, muone kuti munaphonya ndi zingati. Pomaliza musinthe nambala imodzi, ndipo musanawerengerenso munene ngati yankho likwera, litsika kapena likhala pomwepo.

Sitepe yomalizayi ndi imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zina zonse. Wophunzira amene angathe kunena kuti yankho lilowera kuti nambala imodzi ikasintha wamvetsa chinthucho, ngakhale ataiwala zizindikiro zake. Woloweza chabe amakhoza funso likabwera monga mmene linalili m'kalasi, koma mawu ake akangosinthidwa pang'ono amasowa pogwira.

Avereji ndi midiyani zimasiyana bwanji, ndipo ndigwiritse ntchito iti?

Tiyerekeze kuti anthu asanu anafunsidwa mphindi zimene anadikira kuti athandizidwe pa ofesi ina, ndipo anayankha kuti 10, 12, 15, 18 ndi 95. Kuphatikiza zonse kumapereka 150, ndipo kugawa ndi 5 kumapereka avereji ya 30. Midiyani ndi nambala imene imakhala pakati manambala akandandalikidwa kuyambira waung'ono kufika wamkulu, ndipo pano ndi 15. Taonani kuti anthu anayi mwa asanuwo sanadikire mpaka mphindi 20, komabe avereji ikunena 30. Munthu mmodzi amene anadikira mphindi 95 wakokera avereji kwa iye.

Kuti muone chifukwa chake, ikani timiyala tisanu tolemera mofanana pa rula yaitali, kalikonse pa nambala yake, ndipo muyese kuinyamula ndi chala chimodzi. Malo amene rulayo imakhazikika osapendekera mbali iliyonse ndiye avereji. Kamwala kamene kali kutali kwambiri kamapendeketsa rula mwamphamvu, ndipo chala chiyenera kusunthira komweko. Midiyani ilibe nazo ntchito zoti kamwala kali kutali motani, imangowerenga kuti tiwiri tili kumanzere ndipo tiwiri tili kumanja. Mukasintha 95 kukhala 195, avereji imakwera kufika pa 50, koma midiyani imakhalabe 15.

Choncho pamene manambala ochepa atalikira kwambiri mbali imodzi, monga zimakhalira ndi malipiro a anthu kapena masiku amene odwala amagona m'chipatala, midiyani imafotokoza bwino za munthu wamba. Avereji ndi yoyenera pamene manambala aunjikana mofanana mbali zonse, kapena pamene chimene mukufuna ndi chiwerengero chonse, chifukwa avereji ikachulukitsidwa ndi chiwerengero cha anthu imabweza zonse pamodzi, chinthu chimene midiyani singachite. Ziwirizi zikasiyana kwambiri, chimenecho ndi chizindikiro chakuti muyang'anitsitse manambalawo musanalembe chilichonse.

N'chifukwa chiyani aphunzitsi amaumirira kuti tijambule girafu tisanawerengere?

N'chifukwa chakuti nambala imodzi yofotokoza gulu imabisa zambiri. Mu 1973 katswiri wina wa ziwerengero, Francis Anscombe, anakonza magulu anayi a manambala, gulu lililonse lokhala ndi madontho 11. Magulu onsewo ali ndi avereji yofanana, kumwazikana kofanana ndi muyeso wofanana wa kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri, pafupifupi 0.82. Koma akajambulidwa, gulu lina limaoneka ngati madontho otsata mzere wowongoka mwapatalipatali, lina ndi uta wopindika, ndipo ena awiriwo akulamulidwa ndi dontho limodzi lokha lotalikirana ndi anzake. Wowerengera yekha akhoza kunena kuti maguluwo ndi amodzi, pamene wojambula amaona nthawi yomweyo kuti ndi osiyana kotheratu. Pa manambala asanu a m'yankho lapitali, madontho pa mzere akadakuonetsani 95 ali payekha musanagwire n'komwe kakyuleta.

Kodi sitandadi diviyeshoni ndi chiyani, ndipo fomula yake yoopsayo inachokera kuti?

Ndi muyeso wa mtunda umene manambala amakhala kuchokera pa avereji yawo. Dzinali linayamba kugwiritsidwa ntchito ndi Karl Pearson m'zaka za m'ma 1890, koma ganizo lake mungalipeze nokha ndi pensulo.

Tengani magulu awiri a ophunzira asanu asanu amene analemba mayeso a mamalikisi 10. Gulu loyamba linapeza 4, 6, 7, 8 ndi 10. Gulu lachiwiri linapeza 6, 7, 7, 7 ndi 8. Gulu lililonse lili ndi mamalikisi 35 pamodzi, ndipo avereji ndi 7. Komabe mphunzitsi aliyense angakuuzeni kuti magulu amenewa safanana, chifukwa m'gulu loyamba muli wina amene akutsalira ndi wina amene ali patsogolo kwambiri, pamene lachiwiri likuyendera limodzi. Tikufuna nambala imodzi yonena kusiyana kumeneku.

Chinthu choyamba chimene munthu angaganize ndi kuyeza mtunda wa wophunzira aliyense kuchokera pa 7. M'gulu loyamba mitundayo ndi −3, −1, 0, 1 ndi 3. Mukaiphatikiza mumapeza 0, ndipo zimenezi sizinachitike mwangozi. Kumbukirani rula ija: avereji ndi malo amene kukoka kwa kumanzere kumafanana ndi kukoka kwa kumanja, choncho mitundayi idzafafanizana nthawi zonse. Tiyenera kuchotsa chizindikiro cha kuchotsera kuti mitunda isadyane, ndipo njira imene inasankhidwa ndi kuchulukitsa mtunda uliwonse ndi iwo womwe. Tikatero timapeza 9, 1, 0, 1 ndi 9, zimene pamodzi ndi 20. Kugawa 20 ndi 5 kumapereka 4, ndipo nambala imeneyi imatchedwa variyansi. Koma 4 ameneyu si mamalikisi wamba, ndi mamalikisi a sikweya, choncho timatenga sikweya ruti kuti tibwerere ku muyeso umene tinayambira, ndipo timapeza 2. M'gulu lachiwiri masikweya ndi 1, 0, 0, 0 ndi 1, pamodzi 2, ndipo 2 kugawa ndi 5 ndi 0.4, amene sikweya ruti yake ndi pafupifupi 0.63.

Tsopano yang'anani fomula:

```
σ = √( Σ(x − μ)² / n )
```

Muiwerenge kuchokera mkati kupita kunja. `x − μ` ndi mtunda wa aliyense kuchokera pa avereji, ² ndi sikweya, `Σ` akutanthauza kuphatikiza zonse, `/ n` ndi kugawa ndi chiwerengero cha anthu, ndipo √ ndi kubwerera ku muyeso woyamba. Mulibe chilichonse chimene simunachite kale m'ndime yapitayi.

Ena amafunsa chifukwa chimene sitingochotsera chizindikirocho popanda sikweya. Zimatheka ndithu, ndipo m'gulu loyamba zingapereke 8 kugawa ndi 5, amene ndi 1.6. Sikweya inapambana chifukwa masamu ake amayenda bwino pa zinthu zimene zimabwera kutsogolo. Koma dziwani kuti sikweya imapereka mphamvu yaikulu kwa amene ali kutali, pakuti mtunda wa 3 umalowa ngati 9 pamene mtunda wa 1 umalowa ngati 1. N'chifukwa chake nambala imodzi yotalikira imakweza sitandadi diviyeshoni kwambiri kuposa mmene imakwezera avereji.

Nanga n'chifukwa chiyani nthawi zina timagawa ndi n − 1 m'malo mwa n?

Zimatengera ngati anthu asanu aja ndi gulu lonse limene mukufuna kulidziwa, kapena ndi sampulo chabe, ndiko kuti anthu ochepa otengedwa m'gulu lalikulu. Ngati ndi gulu lonse, gawani ndi n. Ngati ndi sampulo, gawani ndi n − 1.

Chifukwa chake chimaoneka mukabwerera ku mamalikisi 4, 6, 7, 8 ndi 10. Poyeza mitunda kuchokera pa 7, masikweya anapereka 20. Yesani kuyeza kuchokera pa 8, ndipo mupeza 16, 4, 1, 0 ndi 4, pamodzi 25. Kuchokera pa 6 mupezanso 25. Palibe nambala ina imene ingapereke zochepera 20, chifukwa avereji ya sampulo imakhala pafupi ndi manambala ake kuposa nambala ina iliyonse. Tsono avereji yeniyeni ya gulu lalikulu, imene sitikuidziwa, mwina si 7 ndendende. Tikadayeza kuchokera pa iyo tikadapeza zoposa 20. Izi zikutanthauza kuti sampulo imakonda kuonetsa kumwazikana kocheperako kuposa kwenikweni, ndipo kugawa ndi nambala yocheperako pang'ono kumakonza vutoli. Pa chitsanzo chathu 20 kugawa ndi 4 ndi 5, ndipo sikweya ruti yake ndi pafupifupi 2.24 m'malo mwa 2.

Pa sampulo ya anthu asanu kusiyanaku n'kooneka, koma pa anthu 500 kugawa ndi 499 kapena 500 sikusintha kanthu kodetsa nkhawa. Mu pulogalamu ya matebulo pa kompyuta njira ziwirizi zili ndi mayina osiyana:

```
=STDEV.P(A1:A5)
=STDEV.S(A1:A5)
```

Yoyamba imagawa ndi n ndipo pa mamalikisi athu ipereka 2, pamene yachiwiri imagawa ndi n − 1 ndipo ipereka 2.24.

Zingatheke bwanji kuti anthu ochepa anene zoona za anthu mamiliyoni?

Dokotala akafuna kudziwa za magazi anu amatenga pang'ono chabe, ndipo zimakwanira chifukwa magazi amasakanikirana m'thupi lonse. Anthu sasakanikirana choncho, pakuti ofanana amakonda kukhala malo amodzi ndi kupezeka nthawi zofanana. Ntchito ya kusankha mwamaere ndi kuchita kusakaniza kumene chilengedwe sichinachite, kuti munthu aliyense m'gululo akhale ndi mwayi wosankhidwa umene ukudziwika.

Sampulo yosankhidwa molakwika sikonzeka chifukwa cha kukula. Mu 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo inalandira mayankho oposa 2 miliyoni. Inalosera kuti Alf Landon apambana, koma Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri anatengedwa m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene zinthu zimenezi zinali za anthu opeza bwino, ndiponso amene anavutikira kubweza kalata sanali ofanana ndi amene sanayankhe. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo, analosera molondola kuti Roosevelt apambana. Choncho funso loyamba pa kafukufuku aliyense likhale lakuti anthuwo anasankhidwa motani ndipo ndani amene analibe mwayi wolowamo. Funso la chiwerengero chawo libwere pambuyo.

Kodi sitandadi era ndi chinthu chimodzi ndi sitandadi diviyeshoni?

Ayi, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi cholakwa chimene ndimachipeza kawirikawiri polemba mamalikisi. Sitandadi diviyeshoni imanena za kusiyana kwa munthu ndi munthu. Sitandadi era imanena za kusiyana kwa avereji ndi avereji, ndiko kuti mmene yankho lanu likadasinthira mukadatenga sampulo ina ya kukula komweko.

Tiyerekeze kuti ophunzira masauzande ambiri analemba mayeso, ndipo inu mwasankha mwamaere mapepala 36. Mwapeza avereji ya 58 ndi sitandadi diviyeshoni ya 12. Mnzanu akasankha mapepala ake 36 sadzapeza 58 ndendende, koma sadzaphonyanso ndi 12, chifukwa m'mapepala 36 okhoza kwambiri ndi olephera kwambiri amafafanizana mbali ina. Kufafanizanaku sikukwanira kotheratu, ndipo n'chifukwa chake timagawa ndi sikweya ruti ya n, osati n yense:

```
SE = s / √n
```

`SE` ndi sitandadi era, ndipo `s` ndi sitandadi diviyeshoni ya sampulo. Pano 12 kugawa ndi 6, amene ndi sikweya ruti ya 36, kumapereka 2. Maavereji a masampulo aakulu ndithu amaunjikana ngati belu kuzungulira avereji yeniyeni, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 alionse amagwa mkati mwa masitandadi era awiri kuchokera pa iyo. Tikapita masitandadi era awiri mbali iyi ndi iyo ya 58 timapeza 54 mpaka 62, ndipo njira imeneyi imakola avereji yeniyeni pafupifupi maulendo 95 mwa 100. Zimenezi sizikunena kuti ophunzira 95 mwa 100 anapeza mamalikisi a pakati pa 54 ndi 62. Mamalikisi a ophunzirawo amwazikana kwambiri kuposa pamenepo, monga 12 uja akusonyezera.

Sikweya ruti imeneyi ili ndi zotsatira zake pa ntchito ya kafukufuku. Kuti sitandadi era itsike kuchoka pa 2 kufika pa 1 mufunika mapepala 144, osati 72, ndipo kuti ifike pa 0.5 mufunika 576. Kuchepetsa kuphonya ndi theka kumafuna sampulo yochuluka kanayi. Kumbukiraninso kuti fomulayi imangoyeza kuphonya kobwera ndi maere, ndipo siona n'komwe vuto la kasankhidwe kolakwika limene lafotokozedwa m'yankho lapitali.

Ndingazolowere bwanji nkhani ya mwayi popanda kuloweza malamulo ake?

Tengani ndalama yachitsulo, muiponye m'mwamba ka 100, ndipo mulembe mbali imene yagwera ulendo uliwonse. Ndi ntchito ya mphindi zosakwana makumi awiri, koma imaphunzitsa zimene mutu wonse wa buku umalephera kukhomereza. Mudzaona kuti mbali ya mutu situluka ka 50 ndendende kawirikawiri, ndiponso kuti mbali imodzi ikhoza kutuluka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana popanda vuto lililonse ndi ndalamayo. Pa maulendo 100, sitandadi diviyeshoni ya chiwerengero cha mitu ndi 5, choncho zotsatira zambiri zimagwa pakati pa 40 ndi 60.

Katswiri wa masamu John Kerrich, ali m'ndende ku Denmark pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anaponya ndalama ka 10,000 ndipo mutu unatuluka ka 5,067. Anaphonya theka ndi 67, nambala yaikulu kuposa imene mungaphonye nayo pa maulendo 100, koma pa maperesenti anapeza 50.67, pafupi kwambiri ndi theka. Ndalama sikumbukira zimene zachitika kale, ndipo sibweza ngongole ya mbali imene yatsalira. Chimene chimachitika n'chakuti kuphonya kumakula pang'onopang'ono, motsata sikweya ruti, pamene maulendo akuchuluka mofulumira, mpaka kuphonyako kumamira m'chiwerengero chachikulu. Iyi ndi sikweya ruti yomwe ija ya sitandadi era.

Kodi nambala ya p imanena chiyani kwenikweni?

Imayankha funso ili: zikadakhala kuti palibe chilichonse chikuchitika koma mwayi wokha, kodi zotsatira zotalikira ngati zimene ndapezazi, kapena kuposa pamenepa, zikadatuluka kangati?

Tinene kuti mwaponya ndalama ka 100 ndipo mutu watuluka ka 60. Mukukayikira kuti ndalamayo ili ndi chinyengo. Yambani ndi kuyerekeza kuti ilibe vuto. Ndalama yabwinobwino imapereka mitu 60 kapena kuposa, kapenanso mitu 40 kapena kuchepera, pafupifupi maulendo 6 mwa 100, ndipo nambala ya p ndi pafupifupi 0.057. M'kalasi ya anthu 30 amene aliyense waponya ndalama yabwino ka 100, mmodzi kapena awiri akhoza kupeza zoterezi, choncho umboniwo si wamphamvu. Koma mutu ukatuluka ka 70, mwatalikira masitandadi diviyeshoni anayi kuchokera pa 50, ndipo ndalama yabwino imachita zimenezi kosakwana kamodzi pa maulendo 10,000. Apa kukayikira kwanu kuli ndi maziko.

Pali zinthu zitatu zimene nambala ya p sinena, ndipo ndikupempha kuti muzisamale. Siinena mwayi wakuti ndalamayo ndi yabwino, pakuti inawerengedwa titayerekeza kale kuti ndi yabwino. Siinena kukula kwa kusiyana, chifukwa pa sampulo yaikulu kwambiri kusiyana kochepetsetsa, kopanda phindu lililonse pa ntchito, kumapereka p yaing'ono. Ndipo p yaikulu siitsimikiza kuti palibe kusiyana, mwina sampulo inangochepa.

Malire a 0.05 amene mabuku amatchula, akuti p ikatsika pansi pake zotsatira zitengedwe kuti si za mwayi wokha, anafala kudzera mwa Ronald Fisher m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndi mgwirizano wa anthu chabe. Umboni wa 0.049 ndi wa 0.057 ndi wofanana pafupifupi, ngakhale wina uli mkati mwa malire ndipo wina uli kunja. Malirewa akutanthauzanso kuti munthu akayesa zinthu 20 zimene zilibe mgwirizano uliwonse, ayembekezere kuti chimodzi chidzadutsa mwa mwayi wokha. Mukawerenga lipoti limene likuonetsa chotsatira chimodzi chodutsa malire, funsani kuti anayesa zinthu zingati.

Zinthu ziwiri zikamakwera limodzi, kodi china chikuchititsa chinzake?

Osati nthawi zonse. Pakati pa ana a sukulu ya pulayimale, amene ali ndi mapazi aakulu amawerenga bwino kuposa a mapazi aang'ono, koma chimene chikukulitsa mapazi ndi kukometsa kuwerenga ndi msinkhu. Mukayerekeza ana a zaka zofanana okhaokha, mgwirizanowo umazimiririka. Chizolowezi chabwino ndi kudzifunsa ngati pali chinthu chachitatu chimene chikukoka ziwirizo, ndiponso ngati chimene mukuchiyesa chotsatira sichingakhale choyambitsa. Njira yodalirika yosonyeza choyambitsa ndi kugawa anthu m'magulu mwamaere, gulu lina n'kulandira chinthu chimene chikuyesedwa, lina osalandira, chifukwa maere amagawa msinkhu ndi zina zonse, zodziwika ndi zosadziwika, mofanana pafupifupi m'magulu onsewo.

Ndingadziwe bwanji kuti yankho langa ndi lolakwika ndisanapereke pepala?

Apa ndi pamene kuyerekeza yankho ndi maso kumakupulumutsani. Avereji iyenera kukhala pakati pa nambala yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri. Sitandadi diviyeshoni singakhale pansi pa ziro, ndipo singapose mtunda wa pakati pa nambala yaing'ono ndi yaikulu. Mwayi umakhala pakati pa 0 ndi 1. Ngati pa mamalikisi 4, 6, 7, 8 ndi 10 mwapeza sitandadi diviyeshoni ya 5, imani kaye, pakuti wophunzira wotalikira kwambiri ali pa mtunda wa 3 wokha kuchokera pa avereji. Mwaiwala sikweya ruti. Ngati masikweya anu aphatikizana n'kupereka 0, vuto lili pa kakyuleta, chifukwa makakyuleta ambiri mukalemba `-3²` amapereka −9, ndipo muyenera kulemba `(-3)²` kuti mupeze 9. Midiyani yolakwika nthawi zambiri imabwera chifukwa chotenga nambala yapakati manambala asanandandalikidwe.

Cholakwa china chobisika ndi kutenga avereji ya maavereji. Kalasi ya ophunzira 10 ili ndi avereji ya 80, ndipo kalasi ya ophunzira 40 ili ndi avereji ya 60. Ambiri amalemba 70. Koma pa rula ija pali timiyala 40 pa 60 ndi timiyala 10 tokha pa 80, choncho chala chiyenera kukhala pafupi ndi 60. Mamalikisi onse ndi 800 kuphatikiza 2,400, amene ndi 3,200, ndipo kugawa ndi ophunzira 50 kumapereka 64.

Ndiye mafomula ndiwaloweze liti, popeza mayeso amawafuna?

Muloweze fomula pamene mungathe kuinena m'mawu anuanu buku litatsekedwa, kuigwiritsa ntchito pamanja pa manambala asanu, ndi kulosera kumene yankho lilowere nambala imodzi ikasintha. Mukafika pamenepo kuloweza kumatenga nthawi yochepa, chifukwa chizindikiro chilichonse chili ndi sitepe imene manja anu akuidziwa, ndipo mukaiwala pa mayeso mungathe kuimanganso kuchokera pa mitunda, masikweya, kugawa ndi sikweya ruti. Funsaninso aphunzitsi anu ngati pepala la mafomula limaperekedwa m'chipinda cha mayeso, chifukwa kumene limaperekedwa mamalikisi amakhala pa kusankha fomula yoyenera ndi kumasulira yankho.

Ndondomeko ya mitu nayonso ndi yofunika. Musapite ku sitandadi era musanakhazikike pa sitandadi diviyeshoni, ndipo musakhudze nambala ya p musanaponye ndalama ija ndi kuona nokha kukula kwa zimene mwayi wokha umachita. Kompyuta muigwiritse ntchito mutawerengera pamanja kamodzi kapena kawiri: lembani mamalikisi asanu aja m'mabokosi A1 mpaka A5, muone ngati ikupereka 7 ndi 2.24, kenako musinthe 10 kukhala 20, mulembe pa pepala zimene mukuyembekezera, ndipo mukatero muyang'ane pa sikirini. Avereji iyenera kufika pa 9, midiyani ikhalebe 7, ndipo sitandadi diviyeshoni ya sampulo ikwere kufika pafupifupi 6.3.